Chuma cha amayi chimene wofufuza sanachione

Pakati pa 1915 ndi 1918, Bronisław Malinowski anakhala nthawi yaitali pa zilumba za Trobriand, zomwe lero zili m'dziko la Papua New Guinea. Anaphunzira chinenero cha kumeneko, anamanga tenti m'mudzi wa mfumu wa Omarakana, ndipo mu 1922 anatulutsa buku lofotokoza kula, mwambo umene amuna amayenda pa mabwato kukasinthana mikanda ndi zibangili za zigoba za m'nyanja.

Mu 1971 Annette Weiner anafika pa chilumba chomwecho cha Kiriwina kudzafufuza za zosemasema. Atangofika, amayi anamutengera ku mwambo wa maliro kumene ankagawana mitolo ya masamba ouma a nthochi ndi masiketi oluka. Anapeza kuti chimenechi ndi chuma chenicheni: amayi amalipira nacho anthu amene anathandiza pa maliro, ndipo amuna amataya katundu wawo kuti akazi awo apeze mitolo yokwanira. Buku lake la 1976 linasonyeza kuti Malinowski anachiphonya chumachi.

Sikuti Malinowski ananama ayi. Anali mwamuna, ankacheza kwambiri ndi amuna, ndipo anabwera ndi maganizo a m'nthawi yake akuti chuma ndi ndale ndi za abambo. Kukondera pa kafukufuku wocheza ndi anthu kumalowa motero: kumasankhira wofufuza khomo lolowera, anthu omuyankha ndi zimene aziyese zofunika kulemba.

N'chifukwa chake wofufuza amayenera kudziunika, n'kulemba zimene wapeza m'chaputala chofotokoza njira za kafukufuku. Anene kuti iye ndi ndani pamaso pa anthuwo: mwamuna kapena mkazi, wamsinkhu wanji, mlendo kapena mwana wa pamudzi. Atchule amene anamulowetsa m'mudzimo, chifukwa munthu wobwera ndi mfumu sauzidwa madandaulo okhudza mfumuyo. Ngati panali womasulira, afotokoze ubale wake ndi oyankha. Aonjezepo zimene ankayembekeza asanapite, ndiponso amene sanathe kucheza nawo.

Ambiri amalakwitsa polemba chiganizo chimodzi chovomera kuti mwina anakondera, n'kupitirira. Woyesa mayeso amafuna kuona zotsatira zake ndi zimene zinachitidwapo. Wofufuza wamwamuna angalembe kuti amayi ankayankha mwachidule amuna awo akakhala pomwepo, choncho anapeza mkazi womuthandiza kucheza nawo paokha, ndipo asonyeze mmene mayankho anasinthira.

Zolemba zoterezi sizikumbukika pamapeto. Zimachokera mu kope la tsiku ndi tsiku, momwe zimene munthu waona zimalembedwa padera ndi zimene waganiza. Posanthula, awerenge mawu amene wagwira m'lipoti lake. Akapeza kuti ambiri ndi a amuna, kapena a banja la mfumu, abwerere kwa otsalawo, apo ayi alembe poyera kuti zimene wapeza zikukhudza gulu limenelo lokha.