Kumasulira Kalata Yoitanira ku Msonkhano

Mphunzitsi wamkulu akalemba m'Chingerezi kuitana mfumu kusukulu, liwu limodzi limaimira "iwe" ndi "inu" pamodzi. Womasulira asankhe "inu". Komabe "bwerani" sikukwanira, pakuti mfumu siilamulidwa. Alembe kuti, "Tikupemphani kuti mudzafike."

Chovuta koposa ndicho nthawi. Ngati kalata yatchula 2:30, asangolemba "masana", chifukwa masana ngaatali: ena adzafika dzuwa lili paliwombo, ena litapendeka. Alembe "Lachiwiri, nthawi ya 2:30 masana".

Pomasulira yankho la mfumu m'Chingerezi, achenjere ndi "mawa" ndi "m'mawa". Loyambalo ndi tsiku lotsatira, linalo ndi nthawi imene kwangocha. Ndipo popeza kalata imagona panjira, "mawa" wa wolemba angakhale "dzulo" kwa wowerenga. Ndi bwino kutchula dzina la tsikulo.