Sampulo pa mayeso: tiyeni tiyankhire limodzi mafunso anayi

Mayi wogula nyemba pamsika sakhutira ndi za pamwamba pa thumba. Amapisa dzanja mpaka m'katikati, popeza amadziwa kuti zofumbwa ndi timiyala zimabisala pansi. Nyemba zimene watapa m'manjamo n'zimene akatswiri a ziwerengero amati sampulo: kagulu kochepa kotengedwa pa gulu lalikulu kuti kaimire lonselo. Mafunso a mayeso pa mutuwu amabwera atavala mosiyanasiyana, koma onse amafuna chinthu chimodzi: kodi ndani anali ndi mwayi wosankhidwa, nanga ndani analibe? Tengani pensulo, tiyese anayi.

Funso loyamba. Sukulu ina ili ndi ophunzira 600: Fomu 1 alipo 184, Fomu 2 alipo 163, Fomu 3 alipo 143, ndipo Fomu 4 alipo 110. Mphunzitsi wamkulu akufuna kumva maganizo a ophunzira 60 pa nkhani ya chakudya. Kodi atenge angati m'kalasi iliyonse, ndipo awasankhe bwanji?

Iyi ndi njira ya magawo, imene mabuku amaitcha sitiratifayidi. Yambani ndi kupeza gawo la sukulu limene likufunika: 60 ÷ 600 = 1/10, kutanthauza mmodzi pa ophunzira khumi alionse. Ndiye kalasi iliyonse ipereke gawo lomwelo. Fomu 1: 184 ÷ 10 = 18.4. Fomu 2: 16.3. Fomu 3: 14.3. Fomu 4: 11. Munthu sadulidwa pakati, choncho manambalawa timawasendeza ku nambala yathunthu yapafupi: 18, 16, 14 ndi 11. Ambiri amaika pensulo pansi apa, osadziwa kuti agwa m'mbuna. Phatikizani muone: 18 + 16 + 14 + 11 = 59. Mmodzi wasowa. Malo otsalawo apatseni kalasi imene inatsala ndi kachidutswa kakakulu, yomwe ndi Fomu 1 ndi 0.4 yake. Yankho ndi 19, 16, 14 ndi 11, ndipo lembani chifukwa chimene mwawonjezera mmodziyo.

Funsoli lili ndi mchira umene ambiri amauiwala, woti "awasankhe bwanji". Kulemba kuti "asankhe mwachisawawa" basi sikubweretsa malikisi onse. Fotokozani ntchito yake. Ophunzira a Fomu 1 apatsidwe manambala kuyambira 001 mpaka 184 potsata kaundula. Kenako mutenge manambala a madijiti atatu pa tebulo la manambala a mwamwayi, kapena pa kakyuleta podina `Ran#`. Nambala yoposa 184 itayeni, 000 itayeninso, yobwereza ilumpheni, mpaka akwane 19. Mapepala opindidwa m'chipewa amagwiranso ntchito, bola akhale ofanana ndipo asakanizidwe bwino. Chosaloledwa ndi kuuza aphunzitsi kuti aloze okha, chifukwa diso la mphunzitsi limathamangira kwa ana olongolola a kutsogolo.

Funso lachiwiri ndi lofulumira. Kaundula wa kalabu ya alimi ali ndi maina 480, ndipo mlangizi akufuna kuyendera minda 30 potsata njira yodumphadumpha, ya sisitematiki. Pezani mpata wodumpha, ndipo ngati woyamba ndi nambala 7, tchulani atatu oyamba ndi womaliza.

Mpata ndi 480 ÷ 30 = 16. Woyamba ayenera kusankhidwa mwa maere pakati pa 1 ndi 16. Kungoyambira pa dzina loyamba n'kulakwa, chifukwa pamenepo ena onse a pakati alibiretu mwayi. Tikayambira pa 7, otsatira ndi 23 ndi 39. Womaliza ndi 7 + 29 × 16 = 471. Taonani kuti tachulukitsa ndi 29, osati 30, popeza woyamba tamuwerenga kale. Mukapeza 487, dziwani kuti mwalakwitsa, chifukwa kaundulayo amathera pa 480.

Wolemba mayeso amakonda kuwonjezera kuti, tchulani vuto limodzi la njirayi. Taganizani mwini golosale amene akufuna kudziwa ndalama zimene amapeza pa tsiku, ndiye atsegule buku lake n'kumatenga tsiku la 14 lililonse. Masiku 14 ndi masabata awiri ndendende, choncho akayambira Loweruka, masiku onse adzakhala Loweruka. Ngati ndilo tsiku la msika m'dera lakelo, adzadziyesa mpondamatiki. Njirayi imanamiza ngati mndandanda uli ndi kabwerezedwe kogwirizana ndi mpata wodumpha.

Funso lachitatu ndi limene limasokoneza ngakhale ochenjera. Dera lina lili ndi midzi 40. Wofufuza wasankha midzi 5 mwa maere, n'kufunsa mabanja onse m'midzi isanuyo. Kodi njirayi ndi iti, ndipo banja lililonse linali ndi mwayi wotani?

Ambiri akangoona mawu oti midzi amalemba kuti ndi ya magawo. Ayi, iyi ndi ya timagulu, ya kilasita. Kusiyana kwake n'kotere: pa funso loyamba tinalowa m'kalasi iliyonse n'kutengamo ochepa, pano talowa m'midzi yochepa n'kutengamo onse, midzi 35 osaipondamo n'komwe. Mwayi wa banja ndi mwayi wa mudzi wake: 5 ÷ 40 = 1/8, kaya mudziwo ndi waukulu kapena waung'ono. Ubwino wake ndi kupulumutsa mafuta ndi nthawi. Kuipa kwake n'kwakuti anthu a mudzi umodzi amafanana: amamwa pa mjigo umodzi, chipatala chawo n'chimodzi, mvula ikavuta imavutira onse. Mabanja 100 a mudzi umodzi sangakuuzeni zambiri ngati mabanja 100 omwazikana dera lonse. Kafukufuku wamkulu wa m'makomo, monga amene imachita ofesi ya boma ya ziwerengero ku Zomba, amayenda masitepe awiri: amayamba asankha timadera pa mndandanda wa kalembera, monga wa 2018, kenako n'kusankha mabanja ochepa m'kadera kalikonse.

Lachinayi lilibe masamu, koma ine ndimaliona ngati lolemera kuposa onse. Wailesi ina yafunsa omvera kuti atumize uthenga wa pa foni kunena ngati akugwirizana ndi lamulo latsopano. Ayankha anthu 20,000. Mtolankhani akuti, poti ndi ambiri chonchi, awa ndi maganizo a dziko. Kodi mukuvomereza?

Yankho ndi lakuti ayi, ndipo perekani zifukwa ziwiri zosiyana. Choyamba, wopanda foni, wopanda mayunitsi ndi amene samvera wailesiyo analibe mwayi ngakhale pang'ono. Chachiwiri, oyankhawo anadzisankha okha, ndipo amene amadzivutitsa kutumiza uthenga kawirikawiri ndi amene nkhaniyo yawapsetsa mtima. Kuchuluka sikuchiza matenda awiriwa. Mu 1936 magazini ya ku America ya Literary Digest inatumiza makalata pafupifupi 10 miliyoni, maina ambiri itawatenga m'mabuku a matelefoni ndi m'kaundula wa eni galimoto. Inalandira mayankho oposa 2 miliyoni n'kulengeza kuti Alf Landon apambana chisankho cha pulezidenti. Franklin Roosevelt anapambana m'zigawo 46 mwa 48. George Gallup, amene anafunsa anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi amenewo, ananeneratu molondola kuti Roosevelt ndiye atenge. Choncho wophunzira wolemba kuti "afunse anthu ochuluka" ngati njira yokonzera vutoli sapeza kanthu. Cholemba ndi ichi: apeze mndandanda wokhudza anthu onse, asankhepo mwa maere, ndipo osayankha awatsatire.

Tsopano phimbani mayankhowa, mubwerere ku funso loyamba, koma mphunzitsi wamkulu afune ophunzira 30. Gawo likhala 1/20, ndipo mupeza 9.2, 8.15, 7.15 ndi 5.5. Mukawasendeza bwino akhala 9, 8, 7 ndi 6. Musanapite ku funso lina, aphatikizeni kaye muone ngati akwana 30.