Mtengo Ukadutsa Mzere pa Tchati: Wadutsadi Kapena Wangosuzumira?

Pa 13 Disembala 2022, kutatsala ola limodzi kuti msika wa masheya wa ku New York utsegulidwe, boma la America linalengeza kuti mitengo ya zinthu yakwera ndi 7.1 peresenti pa chaka. Akatswiri ankayembekezera 7.3. Nkhaniyi inakoma m'makutu mwa ogula masheya, ndipo belu litangolira, S&P 500, chiwerengero chomwe chimayeza masheya a makampani akuluakulu 500 a dzikolo, chinalumpha n'kufika pa 4,101. Kwa anthu oyang'ana matchati uku sikunali kukwera wamba. Mtengo unali utaboola mzere womwe unaupanikiza chaka chonse.

Amene anathamangira kugula m'mawa umenewo anagona ndi nkhawa. Pofika nthawi yotseka, chiwerengerocho chinali chitabwerera pa 4,020, kunsi kwa mzere uja, ndipo pa 28 Disembala chinatseka pa 3,783.

Mzerewu suvuta kujambula. Msika ukamatsika sutsika mowongoka: umagwa, umadzuka pang'ono, n'kugwanso, ndipo nsonga iliyonse yomwe wafika podzuka imakhala yotsikirapo kuposa yam'mbuyo. Wamalonda amalumikiza nsongazo ndi mzere wowongoka, n'kuutalikitsa kupita kutsogolo. Msika ukamakwera amachita chimodzimodzi, koma amalumikiza malo otsikitsitsa. Nsonga ziwiri zimakwana kujambulira mzere, koma amaudalira pokhapokha mtengo ukaugunda kachitatu n'kubwerera.

Mzere wa 2022 unali wooneka bwino kwambiri. Unayambira pa 4,818 pa 4 Januwale, n'kudutsa pafupi ndi 4,637 pa 29 Malichi, kenako pa 4,325 pa 16 Ogasiti. Unkatsika ndi mapointi awiri ndi pang'ono tsiku lililonse la pa kalendala, kotero kuti pa 13 Disembala unali cha pa 4,060. Mtengo unaupitirira ndi mapointi pafupifupi 40 kwa kanthawi, basi.

N'chifukwa chiyani mtengo umachita zoterezi? Yankho lili mwa anthu, osati mu mzere. Mzere wotchuka chonchi aliyense amauona. Iwo amene anabetchera kuti msika upitiriza kutsika amaika malamulo pa kompyuta oti mtengo ukangokwera kupitirira mzere, agule msanga n'kutuluka asanaluze zambiri. Ena amene akudikira kukwera amaikanso malamulo awo ogulira pamalo omwewo. Nkhani yabwino ikangokankha mtengo pang'ono, malamulo onsewa amayamba kugwira ntchito nthawi imodzi, ndipo mtengo umalumpha. Koma kugula kotereku kumatha msanga. Ngati palibe ogula atsopano obwera ndi ndalama zawo kudzapitiriza, ogulitsa amapeza mtengo wabwino woti atayirepo katundu, ndipo amene anagula pamwamba paja amatsala m'msampha. Nawonso akayamba kugulitsa kuti apulumuke, mtengo umagwa mofulumira kuposa kale.

Choyamba choyang'ana, tsono, ndi pomwe mtengo watsekera, osati pomwe unafika. Pa tchati cha makandulo, kandulo iliyonse ili ndi thupi, lomwe limasonyeza mtengo wotsegulira ndi wotsekera, komanso timichira tiwiri tosonyeza pomwe mtengo unangofika n'kubwerera. Kandulo ya pa 13 Disembala inatsekera kutali ndi nsonga yake, kunsi kwa mzere. Mbuzi ikatulutsa mutu pa mpanda, mwini wake sanena kuti yathawa; amadikira aone ngati miyendo yonse inayi yatuluka. Mtengo wotsekera ndi wolemera chifukwa ndi umene anthu avomera kugona nawo atasunga masheya awo usiku wonse. Kwa munthu amene ali ku Lilongwe kapena ku Chipata, izi zikutanthauza kupirira ndithu, poti m'miyezi ya Disembala ndi Januwale msika wa ku New York umatseka 11 koloko usiku nthawi ya kuno.

Komatu kutsekera kunja kwa mzere kamodzi kokha sikukwanira. Cha pakati pa Januwale 2023 chiwerengerocho chinakhudzanso mzere, n'kutsekera pa 3,999 pa 13 Januwale pomwe mzere unali cha pa 3,995. Mapointi anayi pa chiwerengero cha zikwi zinayi ndi ochepa kuposa kunenepa kwa mzere womwe munthu wajambula ndi chala pa foni. Patangopita masiku ochepa chinali chatsikira kunsi kwa 3,900.

Chifukwa cha zoterezi, akatswiri akale anaika masefa awiri. Robert Edwards ndi John Magee, m'buku lawo la 1948 lofotokoza kayendedwe ka mitengo ya masheya, anatchukitsa muyezo wa 3 peresenti: mtengo utsekere kutali ndi mzere ndi pafupifupi 3 peresenti munthu asanakhulupirire. Sefa ina, yomwe John Murphy anaifotokoza m'mabuku ake, ndi ya nthawi: mtengo utsekere kunja kwa mzere masiku awiri otsatizana. Muyezo wa 3 peresenti unapangidwira masheya ndi mizere ya miyezi yambiri. Munthu amene amagula ndi kugulitsa ndalama zakunja pa tchati cha ola limodzi sangaugwiritse ntchito momwe ulili, chifukwa yuro kapena dola imatha kutenga milungu ingapo isanasunthe ndi 3 peresenti. Iyeyo ayenera kuyeza kaye kuti mtengo umayenda mtunda wotani pa kandulo imodzi masiku onse, n'kufuna kuti kudutsako kupose phokoso la tsiku ndi tsikulo.

Tiyeni tione momwe masefawa anagwirira ntchito kumapeto kwa Januwale. Pa 23 Januwale S&P 500 inatsekera pa 4,020, nambala yomweyo ya pa 13 Disembala. Kusiyana kwake n'koti mzere unali utatsika mpaka cha pa 3,975, kotero kuti nthawi ino mtengo unali pamwamba pake. Tsiku lotsatira unatsekera pa 4,017, lotsatiranso pa 4,016. Sefa ya masiku awiri inakhutira. Ya 3 peresenti inkafuna mtengo wa cha pa 4,075, ndipo inakhutira bwinobwino pa 1 Febuluwale pomwe msika unatsekera pa 4,119.

Apa pali mfundo yomwe ambiri amailumpha, ndipo ndi yofunika kuposa masefa onse. Mzere wotsika umatsika tsiku lililonse, choncho mtengo ukhoza kungoima pamalo amodzi, mzere n'kuupeza wokha n'kuudutsa. Kudutsa kotere sikusonyeza mphamvu ya ogula. Kumangosonyeza kuti kugwa kwachepa liwiro. Umboni woti zinthu zasinthadi uli m'kakonzedwe ka nsonga. Msika wotsika ndi uja umene nsonga zake ndi zigwa zake zikunka zitsika. Mu 2022 chigwa chakuya kwambiri chinali pa 12 Okutobala, pa 3,577. Chigwa cha Disembala, cha 3,783, sichinafike kumeneko, ndipo ichi chinali chizindikiro choyamba. Chachiwiri chinabwera kumayambiriro kwa Febuluwale, pomwe mtengo unatsekera pamwamba pa nsonga ya Disembala ya 4,101 n'kufika pa 4,180 pa 2 Febuluwale. Chigwa chokwererapo, nsonga yokwererapo: izi ndi zomwe kunalibe pa 13 Disembala.

Ambiri amayang'ananso kuchuluka kwa masheya omwe agulitsidwa tsikulo, timizati tija tolembedwa Volume kunsi kwa tchati. Kudutsa kopita m'mwamba kumakhulupirika kwambiri ngati malonda achuluka kuposa masiku onse. Koma chizindikirochi chimafuna kuchiwerenga pamodzi ndi mtengo wotsekera. Malonda ochuluka pa tsiku lomwe mtengo waboola mzere n'kubwerera si nkhani yabwino ayi. Amasonyeza kuti ogulitsa anali ambiri pamwamba paja.

Nkhani ya 2023 sinathere pa Febuluwale, ndipo mbali yotsalayi ndi imene imayesa mtima. Mtengo ukadutsa mzere, nthawi zambiri umabwerera kudzaugunda kuchokera mbali inayo. Pa 10 Malichi akuluakulu a boma anatseka Silicon Valley Bank, mantha n'kugwira msika wonse. Pa 13 Malichi S&P 500 inatsikira mpaka pa 3,809 masana n'kutsekera pa 3,856, pomwe mzere wakale uja unali cha pa 3,865. Ndiye kuti mtengo unalowanso pang'ono kunsi kwa mzere. Munthu wongodalira mzere wokha akanaganiza kuti kudutsa kwa Januwale kunali kwabodza. Koma masefa omwewo amagwira ntchito mbali zonse ziwiri: mapointi osakwana khumi sali pafupi n'komwe ndi 3 peresenti, chigwa cha Disembala sichinathyoledwe, ndipo tsiku lotsatira msika unatsekera pa 3,919, pamwamba pa mzere. Pofika kumapeto kwa Julayi unali pa 4,589.

Kudikira kuli ndi mtengo wake, ndipo si bwino kubisa. Wogula pa 24 Januwale analowa cha pa 4,017. Wodikira 3 peresenti analowa mapointi 100 pamwamba pake, kenako m'Malichi anaona ndalama zake zitachepa ndi 6 peresenti zisanayambe kukwera. Wodikira kuti mtengo ubwerere pa mzere anapeza mtengo wabwino koposa onse, koma pali nthawi zambiri pomwe mtengo subwerera n'komwe, munthu n'kutsala akuyang'ana. Sefa yolimba imachepetsa misampha koma imachedwetsa kulowa. Yofewa imalowetsa msanga koma imagwetsa m'misampha yambiri. Palibe imene imachotsa vutoli kotheratu, ndipo mzere umodzi wa chaka chimodzi sungatsimikize kuti njirayi imapambana nthawi zonse.

Vuto lina lili m'dzanja la wojambula. Wina amalumikiza timichira, wina mitengo yotsekera. Wina amagwiritsa ntchito tchati choyeza mapointi, wina choyeza maperesenti. Mizere yawo imatha kusiyana ndi mapointi makumi angapo, ndipo tsiku lomwe wina akuti mzere wathyoka, mnzake akuti sunakhudzidwe. Choopsa kwambiri ndi kusuntha mzere mtengo utadutsa kale kuti ugwirizane ndi zomwe mtima ukufuna. Wamalonda wosamala amasankha njira imodzi yojambulira, n'kulemba papepala msika usanatsegulidwe kuti adzakhulupirira kudutsa pa nambala iti, komanso kuti adzatuluka pa nambala iti zikapanda kuyenda. Kwa wogula wa Januwale 2023, malo omveka otulukira anali kunsi kwa chigwa cha Disembala, osati pa mzere penipeni pomwe mantha a Malichi akanamutulutsa.

Zonsezi zimadalira msika wa ogula ndi ogulitsa ambirimbiri. Pa msika wa masheya wa ku Blantyre, masheya ena amatha tsiku lonse osagulitsidwa, ndipo munthu mmodzi wogula pang'ono akhoza kukankha mtengo kudutsa mzere uliwonse. Pamenepo ndi bwino kuyang'ana mtengo wotsekera wa mlungu wonse m'malo mwa wa tsiku, ndi kufunsa kaye kuti ndi masheya angati omwe anasinthadi manja pa mtengo watsopanowo.