Chifukwa chake asipirini si wa mwana amene wadwala chimfine

M'chaka cha 1963, dokotala wina wa ku Australia dzina lake Douglas Reye, pamodzi ndi anzake awiri, Graeme Morgan ndi Jim Baral, analemba za ana 21 amene anagonekedwa pa chipatala cha ana cha Royal Alexandra mu mzinda wa Sydney pakati pa 1951 ndi 1962. Nkhani za anawa zinali zofanana modabwitsa. Mwana ankayamba ndi kamatenda kooneka kopepuka, kawirikawiri chimfine. Pakapita masiku ochepa ankayamba kusanza kosalekeza, kenako mutu unkasokonekera, n'kukomoka. Mwa ana 21 aja, 17 anamwalira. Reye, yemwe ntchito yake inali yopima matupi a anthu omwalira, anapeza zinthu ziwiri mwa pafupifupi mwana aliyense: ubongo wotupa, ndi chiwindi chotuwa chodzaza timadontho ta mafuta. Kuyambira pamenepo vutoli limatchedwa matenda a Reye.

Panapita zaka zoposa 15 anthu asanadziwe chimene chinkakolezera matendawa. Cha m'ma 1980, ofufuza a ku America, m'zigawo za Arizona, Michigan ndi Ohio, anafunsa makolo a ana amene anadwala matenda a Reye kuti anawapatsa mankhwala anji pa nthawi ya chimfine kapena katsabola. Anafunsanso makolo a ana ena amene anadwala chimfine chomwecho koma n'kuchira bwinobwino. Kusiyana kunaonekera pa mankhwala amodzi. Pafupifupi ana onse a gulu loyamba anali atamwa asipirini, pamene m'gulu lachiwiri amene anamwa anali ochepa kuposa pamenepo. Ndipo makolowo sikuti anapyoza muyeso ayi. Ambiri anapereka monga momwe zinalembedwera pa botolo.

Umboni umene ine ndimauona wamphamvu kuposa wonse ndi zimene zinachitika pambuyo pake. Mu 1980 dziko la America linalemba m'kaundula ana 555 odwala matenda a Reye. Chaka chomwecho bungwe loona za matenda la CDC linayamba kuchenjeza madokotala ndi makolo, ndipo mu 1986 boma linalamula kuti chenjezo lizilembedwa pa mankhwala aliwonse okhala ndi asipirini. Pofika zaka za 1994 mpaka 1997, odwala sankaposa awiri pa chaka. Chimfine sichinathe m'dzikomo, koma chimene chinatha ndi chizolowezi chopatsa ana asipirini. Ku Britain anachenjeza mu 1986 kuti asamaperekedwe kwa ana osakwana zaka 12, ndipo mu 2002 anakweza malirewo kufika pa zaka 16. A CDC amafika mpaka pa zaka 19, chifukwa achinyamata a ku sekondale, amene amadzigulira okha mankhwala, nawonso ankapezeka pakati pa odwala.

Kodi m'thupi mumachitika chiyani? M'kati mwa maselo a chiwindi muli tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maitokondiriya. Tili ngati timbaula: timawotcha mafuta kuti thupi lipeze mphamvu, makamaka pamene munthu sakudya mokwanira, monga zimakhalira mwana akadwala. M'timbaula tomweti ndi mmene mumayambira ntchito yochotsa amoniya, poizoni amene amatsala thupi likagaya mapuloteni, kumusandutsa chinthu chimene chimatuluka ndi mkodzo. Kachilombo ka chimfine chachikulu, chija amati fuluwenza, kapena ka katsabola kamafooketsa tizigawo timeneti. Asipirini akalowa m'thupi amasanduka salisileti, ndipo nayenso amasokoneza kuwotcha kwa mafuta kuja. Mwa ana ena, ziwirizi zikakumana, ntchito yonse imaima.

Zotsatira zake zimabwera motsatana. Mafuta osawotchedwa amadzazana m'chiwindi. Shuga m'magazi amatsika, makamaka mwa ana aang'ono. Chiwindi chimaleka kupanga zinthu zothandiza magazi kuundana, choncho mwana angathe kutaya magazi mosavuta. Choopsa kwambiri ndi amoniya: amachuluka m'magazi n'kukafika ku ubongo, ndipo ubongo umatupa. Chigaza ndi fupa, sichifutukuka, kotero ubongo wotupawo umapanikizika mpaka magazi amalephera kuyenda bwino m'kati mwake. Ichi ndicho chimapha mwana, osati chiwindi. Chiwindi cha mwana amene wapulumuka chimabwerera mwakale, koma ubongo ukavulala mwana angathe kutsala ndi vuto la kulankhula, la kuphunzira kapena la kuyenda moyo wake wonse. Mwa ana amene analembedwa ku America pakati pa 1981 ndi 1997, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anamwalira.

Tiyerekeze ndi mwana wa zaka 8. Lolemba wabwera kuchokera kusukulu thupi litatentha, akutsokomola, akudandaula mutu. Mayi ake agula asipirini pa okala n'kumamupatsa theka m'mawa ndi madzulo. Pofika Lachinayi thupi lazizira, mwana wadya phala, wasewera pang'ono pabwalo, ndipo aliyense mtima wakhala pansi. Lachisanu usiku wayamba kusanza. Sakutsegula m'mimba, thupi silikutentha, koma akusanza mobwerezabwereza kwa maola ambiri, ngakhale madzi sakukhazikika. Loweruka akungogona, kumudzutsa akuchita ulesi kuyankha. Madzulo wasintha khalidwe: akukalipa, akumenya amene akumugwira, sakuwazindikira mayi ake, akupuma mofulumira ndi mozama. Akapanda kufika kuchipatala, chotsatira ndi kukomoka, thupi kuuma gwa, mwinanso kugwedezeka ngati wa khunyu.

Msampha uli pa Lachinayi lija. Matenda a Reye amabwera mwana akuoneka kuti akuchira, kawirikawiri masiku atatu mpaka asanu chiyambire chimfine kapena chitulukire totupa ta katsabola, ndiye makolo amatenga kusanzako ngati nkhani ina, mwina chakudya chimene sichinamuyanje. Msampha wachiwiri ndi woti maso sachita chikasu. Ambirife timayembekezera kuti wodwala chiwindi maso ake achite chikasu, koma pa matendawa nthawi zambiri maso amakhala oyera, ndipo kuvulala kwa chiwindi kumadziwika pokhapokha magazi akayezedwa. Kwa khanda zizindikiro zimasiyanako: mwina silisanza kwambiri, koma limatsegula m'mimba ndi kupuma mothamanga.

Palibe jakisoni kapena piritsi lochiza matenda a Reye. Chimene achipatala amachita ndi kugwiriziza thupi kufikira chiwindi chitadzuka. Amaika diripi ya shuga kuti thupi lileke kudalira mafuta, amapereka vitamini K kapena madzi a m'magazi kuti magazi aziundana, amapereka mankhwala otsitsa amoniya, ndi ena monga manitolo ophwetsa ubongo. Mwana akakomoka kwambiri amafunika makina omuthandiza kupuma. Amene wafika akadali pa kusanza ndi kuwodzera nthawi zambiri amachira, koma mwayi umachepa kwambiri kwa amene wafika atakomoka kale.

Kwathu kuno nkhaniyi ili ndi mbali ina imene imandidetsa nkhawa. Mwana wosanza, wosokonezeka mutu, wokomoka, shuga atatsika, aliyense amaganiza za malungo aakulu, ndipo nthawi zambiri amakhala akulondola. Choncho kholo lisadzivutitse kusiyanitsa matenda awiriwa pakhomo, chifukwa onse akufuna chipatala usiku womwewo. Chimene kholo lingachite, chomwe wina aliyense sangachite, ndi kunena zonse zimene mwana wamwa. Tengani kapepala kapena kabokosi ka mankhwalawo. Musabise poopa kukalipidwa. Dokotala akamva kuti mwana anali ndi chimfine sabata yomweyo, anamwa asipirini, ndipo kuyeza malungo sikunapeze kanthu, amadziwa kuti ayang'anenso chiwindi.

Kuvuta kwake n'koti asipirini samabwera nthawi zonse ndi dzina lake. Dzina lake lina ndi asetilosalisiliki asidi, lomwe ena amalifupikitsa kuti ASA. Ali mu Disprin, ali mu ufa wa mutu wa Grand-Pa umene uli wofala ku South Africa, ndipo amapezeka m'mapiritsi ena a mutu ndi a chimfine osakaniza mankhwala awiri kapena atatu. Pa golosale mapiritsi amagulitsidwa awiriawiri, odulidwa pa pepala lake, nthawi zina dzina litadukira pakati. Piritsi limene simukudziwa chimene chili m'kati mwake musampatse mwana, ngakhale litakuthandizani inuyo dzulo. Ku famase funsani mosazungulira kuti, "Kodi muli asipirini mmenemu? Ndi za mwana."

Nanga mwana atentha thupi apatsidwe chiyani? Panado, yemwe ndi parasitamo, sagwirizana ndi matenda a Reye. Muyeso wake umatengera kulemera kwa mwana, osati zaka: mamiligalamu 10 mpaka 15 pa kilogalamu iliyonse, maola anayi mpaka asanu ndi limodzi alionse, osapitirira kanayi pa tsiku. Mwana wolemera makilogalamu 20 akufunika mamiligalamu 200 mpaka 300, ndiye theka la piritsi la 500 likumukwanira. Wa makilogalamu 10 akufunika 100 mpaka 150, zomwe ndi mamililita 5 a panado wamadzi uja wokhala ndi mamiligalamu 120 pa mamililita 5. Kulemera kwa mwana wamng'ono kuli m'buku lake la kusikelo. Muyesowu ndi wofunika kuusunga, popeza panado wochuluka nayenso amaononga chiwindi. Bulufeni amatsitsanso kutentha, koma madokotala samulimbikitsa kwa mwana wa katsabola chifukwa cha kuopsa kwa zilonda za pakhungu, kapena kwa mwana amene madzi amuthera m'thupi. Ndipo panado amangoziziritsa thupi, sachiza. Mwana wotentha thupi ayezedwe malungo tsiku lomwelo, ndipo khanda losakwana miyezi itatu lipite kuchipatala lisanamwe kanthu kalikonse.

Wina anganene kuti ife tinakula tikumwa asipirini koma tilipo. N'zoona. Ana ochuluka zedi amene amwa asipirini sadwala matenda a Reye, ndipo ngati munampatsa mwana sabata yatha, lero ali bwino, palibe chifukwa chosowera tulo. Ngati mwampatsa dzulo kapena dzana, lekani, ndipo mumuyang'anire kwa sabata imodzi ngati ayamba kusanza kosalekeza kapena kusintha khalidwe. Koma palibe njira yodziwiratu mwana amene adzakhudzidwe, ndipo asipirini sapatsa mwana wa chimfine phindu lililonse limene panado sangapereke. Ndikaika ziwirizi pamodzi, sindiona chifukwa choikira moyo wa mwana pachiswe, ngakhale ngoziyo ikhale yosowa bwanji.

Pali ana ochepa amene dokotala amawalembera asipirini mwadala: odwala nyamakazi imene imatsatira zilonda za pakhosi n'kukhudza mtima, odwala matenda a Kawasaki amene amatupitsa mitsempha ya mtima, ndi ena amene anachitidwa opaleshoni ya mtima. Kwa amenewa phindu limaposa kuopsa, ndipo kholo lisasiyitse mankhwalawo palokha. Koma mwana wotere akadwala chimfine chachikulu kapena katsabola, kapena akakhala pafupi ndi mnzake wa katsabola, dokotala wake adziwe tsiku lomwelo kuti aone ngati asipirini aimitsidwe kaye kapena alowedwe m'malo ndi mankhwala ena.