Nambala ya m'ndime ifunsidwe kwawo

Lipoti linali la masamba anayi, lotayipidwa bwino, ndipo mlembi wa komiti ya sukulu ina ya pulayimale anandipatsa madzulo kuti ndingoona ngati Chichewa chake chinali chomveka. M'mawa mwake ankakaliwerenga pamsonkhano wa makolo. Chichewacho chinalibe vuto. Chimene chinandiimitsa ndi chiganizo cha pa tsamba loyamba: "Chaka chino ana 84 analemba mayeso a Sitandade 8, ndipo 62.5 peresenti anakhoza, kusonyeza kuti takwera ndi 15 peresenti." Nditatsegula tsamba lachitatu ndinapeza tebulo ili:

| | Olemba mayeso | Okhoza | Peresenti |
|---|---|---|---|
| Anyamata | 48 | 36 | 75 |
| Atsikana | 32 | 16 | 50 |
| Onse pamodzi | 80 | 52 | 65 |

Manambala atatu a m'chiganizo chija, palibe ndi imodzi yomwe imene inkagwirizana ndi tebulo. Mlembiyo si munthu wabodza, ndipo masamu amawadziwa. Nambala iliyonse inali ndi njira yake imene inasokerera, ndipo njira zomwezi ndi zimene zimasokeretsa malipoti a mipingo, a mabanki mkhonde, ngakhale a mabungwe akuluakulu.

Ndisanayang'ane mawu ndinayamba ndayesa tebulo lenilenilo, chifukwa tebulo nalonso limalakwa. Kutsika pansi: 48 kuwonkhetsa 32 ndi 80, ndipo 36 kuwonkhetsa 16 ndi 52. Chopingasa: 36 kugawa ndi 48 ndi 0.75, ndiye kuti 75 pa 100 alionse. 16 pa 32 ndi theka. 52 kugawa ndi 80 ndi 0.65. Tebulo linali lolondola. Apa ndi pamene ndinatenga cholembera chofiira n'kuzunguliza nambala iliyonse ya m'ndime, kenako n'kuyamba kuzifunsa imodzi imodzi kumene zachokera.

Ya 84 inali yosavuta. Nditafunsa, mlembi anagwira pamutu. "Aa, achimwene, 84 ndi amene analembetsa. Anayi sanabwere tsiku la mayeso." Ndime anailemba kale, asanalandire zotsatira. Zotsatira zitafika anakonza tebulo, koma ndime anaiiwala. Mwa zolakwika zonse, ichi ndiye chimene ndimakumana nacho kawirikawiri. Tebulo limasinthidwa kawiri katatu ntchito ili m'kati, pamene mawu amangokhala monga analembedwera tsiku loyamba. Choncho mukasintha nambala imodzi m'tebulo, isakeni yakaleyo m'lipoti lonse, makamaka m'mawu oyamba ndi m'chidule, poti n'kumene akuluakulu amawerenga. Pa kompyuta, `Ctrl+F` imakupezerani paliponse pamene "84" wabisala, koma siingapeze pamene munalemba kuti "ana oposa makumi asanu ndi atatu". Apo pamafunika diso.

Nambala ya 62.5 ndiyo inandichedwetsa, ndipo ndi imene ndikufuna owerenga aimvetse bwino. Poyamba ndinaganiza kuti anagawa 52 ndi 84 uja, koma kutero kumapereka 61.9. Nditayesa njira ina ndinaipeza: anawonkhetsa 75 ndi 50, kupeza 125, n'kugawa pawiri. Zimaoneka zanzeru, koma n'zolakwika, chifukwa magulu awiriwa si ofanana kukula. Anyamata alipo 48, atsikana 32. Kugawa pawiri kuli ngati kunena kuti thumba lalikulu ndi laling'ono n'zolemera chimodzimodzi. Maperesenti a magulu osiyana kukula sasakanizidwa chotero. Muyenera kubwerera kwa anthu enieniwo: okhoza onse 52, olemba onse 80, basi 65.

N'chifukwa chake peresenti iliyonse ndimaifunsa funso limodzi: pa anthu angati? Peresenti siima payokha, imakhala ndi nambala ziwiri kumbuyo kwake, yapamwamba ndi yapansi, ndipo zonse ziwiri ziyenera kupezeka m'tebulo. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 17,563,749 m'Malawi, ndipo 7,750,629 mwa iwo anali a m'chigawo cha kumwera. Gawani nambala yachiwiriyo ndi yoyambayo, mupeza 44 pa 100 alionse. Aliyense amene ali ndi foni m'manja angathe kutsimikiza yekha. Lipoti la sukulu liyenera kupereka mwayi womwewo kwa kholo lililonse.

Funso lomweli limagwiranso cholakwika china chobisika. M'ndime ina mlembi akanatha kulemba kuti "50 peresenti ya okhoza ndi atsikana", poona 50 ali pa mzere wa atsikana. Koma tebulo likunena kuti theka la atsikana anakhoza. Pa okhoza 52, atsikana ndi 16 okha, pafupifupi 31 pa 100 alionse. Nambala ikhoza kukhala yomweyo ya m'tebulo, chiganizo n'kukhala chikunena nkhani ina. Kungoona kuti 50 ali uku ndiponso ali uko sikokwanira. Werengani mutu wa mzerewo mokweza, kenako werengani chiganizocho, mumve ngati zikukamba za anthu amodzimodzi.

Tsono "takwera ndi 15 peresenti". Chaka chapitacho anakhoza 50 pa 100 alionse, chaka chino 65. Kuchotsera kumapereka 15, zoona, koma amenewo ndi mapointi 15. Mukafuna kunena kukula kwa kukwerako poyerekeza ndi pamene munali, mugawa 15 ndi 50, ndipo mupeza 30 peresenti. Njira ziwirizi zimasokoneza ngakhale anthu ophunzira kwambiri. Ine ndimakonda kuzilambalala zonse n'kulemba poyera kuti "kuchoka pa 50 kufika pa 65 pa ana 100 alionse". Agogo okhala kumbuyo kwa msonkhano amva, ndipo palibe angatsutse. Onaninso kuti 15 uja ankagwirizana ndi 65 wa m'tebulo, osati 62.5 wa m'chiganizo chomwecho. Chiganizocho chinkadzitsutsa chokha.

Si kusiyana konse kumene kuli kulakwa. Ana 30 mukawagawa m'magulu atatu a ana 10, gulu lililonse ndi 33 peresenti mukachotsa timanambala ta pambuyo pa kadontho, ndipo kuwonkhetsa kumapereka 99. Musakankhire gulu limodzi pa 34 kuti mukwanitse 100. Ingolembani pansi pa tebulo kuti manambala afupikitsidwa. Koma chiwonkhetso chikafika pa 94 kapena 107 m'tebulo la magulu atatu kapena anayi, pamenepo pali gulu lasowa kapena pali anthu awerengedwa kawiri, pokhapokha ngati munthu mmodzi amaloledwa kupezeka m'magulu angapo.

Ntchito yonseyi inatitengera mphindi zosakwana 30, tili pakhonde, wina atagwira tsamba la ndime, wina la tebulo. Njira ya anthu awiriyi ndimaikhulupirira kuposa ina iliyonse, chifukwa wolemba amaona zimene ankafuna kulemba, pamene mnzake amaona zimene zalembedwa. Mmodzi awerenge chiganizo mokweza, winayo aloze chala pa nambalayo m'tebulo kapena aiwerengere pa foni. Nambala imene yasowa kwawo isadutse: mwina iwonjezedwe m'tebulo, apo ayi ichotsedwe m'ndime.

Chiganizo chimene makolo anamva m'mawa mwake chinali ichi: "Ana 84 analembetsa mayeso, 80 analemba, ndipo 52 anakhoza, omwe ndi 65 pa 100 alionse, kuchoka pa 50 chaka chatha." Mayi wina anaimika mkono n'kufunsa kuti ana anayi aja anapita kuti. Atatu mwa iwo anali atsikana.