Chinyanja cha Pepala la Mayeso Si cha Pamsika wa Soweto

Mwana wobadwira ku Kanyama kapena ku George amalota m'Chinyanja, amakangana m'Chinyanja, ndipo akatumidwa pakantemba amanenerera mtengo m'Chinyanja. N'chifukwa chake makolo ambiri saganizako zomukonzekeretsa pepala la Chinyanja pa mayeso a giredi 7, omwe bungwe la ECZ limalembetsa kumapeto kwa chaka. Ndalama za maphunziro apadera zimathera ku masamu ndi Chingerezi. Zotsatira zikatuluka, pepala lomwe ankaliyesa lapafupi lija ndi limene nthawi zina limawadabwitsa.

Chinyanja ndi chimodzi mwa zinenero 7 zomwe sukulu za m'Zambia zimaphunzitsa, ndipo Lusaka adapatsidwa chimenechi pamodzi ndi chigawo cha Kum'mawa. Koma cha m'buku chimatsamira pa Chichewa cha ku Katete ndi Chadiza, pomwe cha m'makomboni chidatola zambiri ku Chinsenga, Chibemba ndi Chingerezi. Mwana wa ku Matero amati manzi, buku likuti madzi. Iye amati mailo, buku likufuna kuti asankhe pakati pa dzulo ndi mawa. Kuyambira mu 2014, ana a giredi 1 mpaka 4 mu Lusaka ankaphunzitsidwa m'Chinyanja, komabe mpata umenewu sunatsekeke, chifukwa belu likangolira mwana amabwerera ku chinenero cha pabwalo.

Mwayi wake ndi wakuti kusiyanaku kwakukulu kumatsata njira zodziwika. Zinthu zotsata njira zimaphunzirika bwino pang'onopang'ono, mphindi 10 patsiku, kuposa kukhalira buku Loweruka lonse.

Titenge mtsikana wa giredi 7 ku Chawama, amene amakhala ndi amayi ake ogulitsa tomato ndi ambuya ake ochokera ku Chadiza. Madzulo, nsima ili pambaula, amayi amaponya chiganizo monga mmene amalankhulira tsiku lonse: "Bana bali na njala, nifuna kubapikila vakudya manje manje." Ntchito ya mwana ndi kuchiveka yunifomu chiganizocho. Akachita bwino anena kuti: "Ana ali ndi njala, ndifuna kuwaphikira zakudya tsopano lino."

M'chiganizo chimodzichi muli pafupifupi phunziro lonse. Ba ya anthu yasanduka a kumayambiriro kwa mawu, ndipo yasanduka wa pakati pa mneni. Na ndi ni zonse zabwerera ku ndi. V ya vakudya ndi vintu yakhala z. P ya kupika yalandira h. Mawu amodzi okha, manje, ndi amene afunika kuwaloweza pamtima. Kusintha kulikonse kolondola mwana amalandira kachitseko ka botolo, ndipo ambuya ndiwo oweruza. Iwo sanena kuti "walakwa". Amangofunsa kuti, "Bwerezanso mdzukulu wanga, sindinamve bwino," mwana n'kudzigwira yekha. Ziganizo zitatu zakwana. Chachinayi chimakumana ndi njala.

H uja ndi amene amadya malikisi ambiri, chifukwa khutu la mwana wa m'tauni silimumva kwenikweni: nkuku, muntu, kupika. Pamenepa pali kaseweredwe kosafuna ndalama. Mwana agwire kachidutswa ka pepala patsogolo pa milomo, anene kola kenako khola, pala kenako phala. Pa mawu achiwiriwo pepala ligwedezeke ndi mpweya. Likapanda kugwedezeka, ndiye kuti h sanatuluke, ndipo amene sanamutulutse pakamwa sadzamuona kuti wasowa pa pepala la mayeso. Ana aang'ono m'nyumba amachikonda chimenechi, moti amayamba kupikisana ndi wolemba mayesoyo.

Pakapita masabata angapo pamabuka vuto lina, lomwe kholo liyenera kulidikira. Mwana akazindikira kuti ziko ndi dziko, zina ndi dzina, siku ndi tsiku, amayamba kuika d ndi t paliponse. Mumva dzovala m'malo mwa zovala, kapena kutsamba m'malo mwa kusamba. Kumeneku si kubwerera m'mbuyo. Kukusonyeza kuti lamulo waligwira koma malire ake sanawadziwe. Mankhwala ake ndi kumusakanizira mawu osafuna kusintha, monga zaka, sopo ndi bambo, kuti nthawi zina yankho lopata kachitseko likhale lakuti "awa ali bwino kale".

Za umodzi ndi unyinji zimalowa bwino m'chiyato, masewera a timiyala omwe atsikana a m'makomboni amawadziwa kale. Mnzake amatchula dzina pamene mwala uli m'mwamba, ndipo woponya ayenera kunena unyinji wake asanauwakhe. Munthu, anthu. Chinthu, zinthu. Zokoma zili pa mawu ngati khasu, phiri ndi thumba, pomwe h yemwe mwana wamuvutikira uja amathawanso: makasu, mapiri, matumba. Dzira limakhala mazira, tsamba limakhala masamba. Olemba mafunso amakonda malo oterewa, poti n'kosavuta kuika mayankho anayi ofanana maonekedwe, limodzi lokha lolondola.

Mawu oloweza pamtima, monga maningi ndi kwambiri kapena zuba ndi dzuwa, alembedwe pa timakadi todula ku katoni, mbali ino cha m'tauni, mbali inayo cha kusukulu. Pakhale zitini zitatu. Khadi lomwe mwana waphonya likhale m'chitini choyamba, chofunsidwa tsiku lililonse. Akalikhoza lipite m'chachiwiri, chotsegulidwa pakapita masiku atatu, kenako m'chachitatu cha Lamlungu. Akaliphonyanso libwerere koyamba. Njira imeneyi adaifalitsa Sebastian Leitner ku Germany mu 1972, ndipo mphamvu yake ili pa kufunsa mwana nthawi imene watsala pang'ono kuiwala. Makadi atsopano asapitirire 5 patsiku, apo ayi chitini choyamba chimadzaza ndipo mwana amayamba kuchizemba.

Polemba makadiwo kholo lisamale kalembedwe. Sukulu za m'Zambia zimatsata malamulo omwe Unduna wa Maphunziro udavomereza mu 1977, ndipo zimalemba c pomwe mabuku a ku Malawi amalemba ch: cakudya, cimanga, Cinyanja. Buku lobwereka kwa achibale a ku Mchinji ndi labwino powerenga, koma kalembedwe atengere m'buku la kusukulu kwake.

Masewerawa ali ndi polekezera. Saphunzitsa mwana kuwerenga ndime yaitali n'kuyankha mafunso, ndipo miyambi ndi zining'a sizitsata lamulo lililonse. Apa ambuya aja ndi ofunika kuposa buku. Magetsi akazima, monga adazimira kwa maola ambiri mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, iwo angayambe "Chilape!" ana n'kuyankha "Nachize!", ndipo mwambi umodzi pa sabata, wofotokozedwa ndi nkhani ya pakhomo pomwepo, umakhalitsa m'mutu kuposa mndandanda wokopera pabolodi. Nyumba yopanda ambuya itsegule nkhani za Chinyanja pa Radio 1 ya ZNBC, mwana afotokoze nkhani imodzi imene wamva. Kuwerenga mokweza ndime imodzi ya m'buku la kusukulu tsiku lililonse kusalekeke.

Kukatsala mwezi umodzi kuti mayeso ayambe, tizitseko tichepe, mapepala a zaka zam'mbuyo alowe. Mafunso a giredi 7 ndi osankha yankho pa A, B, C ndi D, n'kudetsa kabokosi ndi pensulo, choncho mwana ayesere mafunso 10 okha wotchi ili pambali. Kholo lisathamangire kuwerenga malikisi. Liyang'ane mtundu wa zolakwa. Ngati zambiri zili pa kalembedwe, kachidutswa ka pepala kaja kabwerenso. Ngati zili pa ndime yowerenga, mwana azolowere kuloza ndi chala mzere umene muli yankho asanasankhe chilembo. Ndipo ngati wakhoza mafunso oyamba onse koma omaliza sanawafike, vuto ndi liwiro la kuwerenga, lomwe aphunzitsi ake ayenera kuuzidwa sabata yomweyo.