Timibulu ta pamizu ya mtedza ndi nyemba: pofiira ndiye pali feteleza

Mtedza kapena nyemba zikayamba kuchita maluwa, mlimi atha kudziwa yekha ngati mbewuyo ikudzipangira chakudya. Akumbe phando limodzi ndi khasu (asazule ndi manja, timibulu tingatsalire m'dothi), atsuke mizu, kenako adule kam'bulu kamodzi ndi lezala. Ngati m'kati muli mofiirira ngati nyama, ntchito ikuyenda. Moyera ndiye kuti sikanayambe kugwira ntchito, pomwe mobiriwira kapena moderako ndiye kuti kakalamba.

M'timibuluti mumakhala mabakiteriya otchedwa raizobiya. Mpweya umene timapuma uli ndi nayitrojeni wochuluka, magawo 78 pa 100, koma chomera sichingamudye momwe alilimo. Mabakiteriyawa amamusandutsa amoniya, ndipo mbewu imawalipira ndi shuga wochokera m'masamba.

Chovuta n'chakuti chida chimene amagwiritsa ntchito, nayitrojenezi, chimawonongeka chikakumana ndi okosijeni, chonsecho mabakiteriyawo amafunanso kupuma. Choncho mbewu imapanga puloteni yofanana ndi yam'magazi mwathu, imene imagwira okosijeni n'kumawapatsa pang'onopang'ono. Kufiira kuja n'kwa puloteni imeneyi.

Malowedwe a mabakiteriyawa amasiyana. Pa nyemba, muzu umatulutsa timadzi toitana, mabakiteriya amayankha ndi tawo, ndipo katsitsi ka muzu kamapindika n'kuwakola. Kuchoka apo amayenda m'kanjira konga ulusi mpaka m'kati, momwe maselo amagawikana n'kutupa. Mtedza sudutsa njira imeneyi: mabakiteriya ake amalowera m'ming'alu imene imachitika pamene muzu waung'ono ukutuluka pa waukulu. N'chifukwa chake pa CG7 kapena Chalimbana timibulu timandandalika m'mphanda za mizu.

Pa mbewu ziwirizi, mtedza ndiwo katswiri. Nyemba imachedwa kuyamba ndipo imakhwima msanga, motero imakolola nayitrojeni wochepa. Kuithira feteleza pang'ono pobzala si kulakwa. Kulakwa n'kuchulutsa yuleya, pakuti mbewu ikapeza nayitrojeni wosavutikira imaleka kudyetsa mabakiteriya, timibulu n'kuchepa. Kusowa kwa fosifolasi, nthaka ya asidi wambiri, ng'amba ndi madzi odikha m'munda nazo zimalepheretsa ntchitoyi.

Si chotupa chilichonse pamuzu chomwe ndi chabwino. Tinyongolotsi tam'nthaka timatupitsanso mizu ya nyemba. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: kam'bulu ka raizobiya kamakhala pambali pa muzu ndipo kamathothoka mukakakhudza ndi chala, pomwe chotupa cha tinyongolotsi ndi muzu weniweniwo wotupa, sichichoka.

Alimi ambiri amati mtedza umabwezera chonde, koma nayitrojeni wambiri amapita m'njere zimene timakolola ndi m'masamba. Wotentha zotsalira za mtedza amabwezera nayitrojeniyo kumpweya, ndipo chimanga chobzalidwa pamalopo chaka chotsatira chimapeza zochepa zotsala m'mizu basi.